Chivomezi: chifukwa chiyani nthaka imagwedezeka m'munsi mwa mapiri a Dowa ndi Ntchisi?

Usiku wa pa 10 Malichi 1989, nthaka inagwedezeka kwambiri m'chigawo chapakati. Gwero la chivomezicho linali m'dera la Salima, m'munsi mwenimweni mwa zitunda zimene zimatsika kuchokera ku Dowa ndi Ntchisi kupita kunyanja. Mphamvu yake inapitirira pang'ono 6 pa sikelo yoyezera zivomezi. Anthu 9 anafa, pafupifupi 100 anavulala, ndipo anthu okwana 50,000 anasowa pokhala nyumba zawo zitagwa kapena kung'aluka, makamaka m'maboma a Salima ndi Dedza. Kugwedezekako kunamveka mpaka ku Zambia ndi ku Mozambique. Dzulo lake kunali kutachitika china chocheperapo, chimene anthu anachizindikira pambuyo pake kuti chinali kalambulabwalo.

Amalawi ambiri amene ali moyo lero anali asanabadwe nthawi imeneyo. Kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni m'dziko muno, pomwe wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, ndipo mwa iwo oposa 770,000 anali ku Dowa, oposa 300,000 ku Ntchisi. Nkhani za ngozi zogwa mwadzidzidzi masiku ano zimazungulira pa namondwe, kusefukira kwa madzi ndi chilala, ndipo m'pomveka kutero pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, chaka chomwenso Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano loyendetsera ngozi zoterezi. Koma nyumba za njerwa zikumera tsiku ndi tsiku ku Mponela, ku Mvera, paboma la Ntchisi ndi kuzungulira msasa wa Dzaleka, ndipo zikumangidwa m'mphepete mwa chigwa chimene chikung'ambika mpaka lero. Funso loti chivomezi chimachokera kuti, komanso chifukwa chake chimakonda madera ena n'kusiya ena, ndi funso la mmisiri womanga nyumba ndi mwininyumba yemwe.

Phale losweka

Kunja kwa dziko lapansi kuli chikhokho cha miyala yolimba, chochindikala pafupifupi makilomita 100 kapena kuposerapo. Chikhokhochi si chathunthu. Chinasweka m'zidutswa zikuluzikulu, monga mapale a mbiya, ndipo mapalewa akhala pamwamba pa miyala yotentha imene, ngakhale si yamadzimadzi, imasuntha pang'onopang'ono kwambiri monga phula la pamsewu likatenthedwa ndi dzuwa. Motero mapalewa amayenda. Ena amatalikirana, ena amagundana mpaka lina kumira pansi pa linzake, ena amapisana m'mbali. Liwiro lawo ndi la masentimita ochepa pa chaka, lofanana ndi mmene chikhadabo chimakulira.

Vuto lili pokumanira. Pamng'alu pomwe miyala ya mbali ziwiri yagundana sipaterera ayi. Kulemera kwa miyala ya pamwamba kumakanikiza mbali ziwirizo, ndipo zimagwirana zolimba. Kutali ndi mng'aluwo mapale akupitiriza ulendo wawo, koma pamng'alu penipeni palibe chikusuntha. Miyala yozungulira imayamba kupindika pang'ono, n'kumasunga mphamvu monga mmene uta umasungira mphamvu mlenje akamakoka nsinga. Zaka zimadutsa, mwina mazana, mwina zikwi. Tsiku lina mphamvu yosungidwayo imaposa kugwirana kwa miyala, mng'alu umatsetsereka m'masekondi ochepa, ndipo ulendo wonse umene unatsalira m'mbuyo umayendedwa kamodzin'kamodzi. Kunjenjemera kumene kumachoka pamalopo n'kufalikira m'miyala mbali zonse ndi kumene anthu amamva pansi pa mapazi awo. Kafotokozedwe kameneka kanaperekedwa ndi katswiri wa ku America, Harry Fielding Reid, atafufuza chivomezi chimene chinawononga mzinda wa San Francisco mu 1906, ndipo mpaka lero ndi maziko a maphunziro onse a zivomezi.

Zimenezi zikuthetsa mikangano ingapo imene imabuka m'mabwalo ndi m'maminibasi nthaka ikagwedezeka. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala sikuyambitsa chivomezi, ngakhale mvula yoyamba. Mijigo siyambitsanso, pakuti mjigo umalowa pansi mamita makumi angapo chabe, pomwe chivomezi cha 1989 chinayambira pafupifupi makilomita 30 pansi pa nthaka. Chivomezi ndi chosiyananso ndi chimene anthu a kumwera amati Napolo, monga chija chinasesa Phalombe mu 1991. Kumeneko ndi kugumuka kwa dothi ndi miyala ya pamwamba pa phiri mvula ikachuluka. Ubale wa ziwirizi ndi woti chivomezi chikhoza kugumula phiri limene lakhuta kale madzi.

Msewu wa ku Salima

Aliyense amene anayendapo pamsewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima anaona umboni wa nkhaniyi ndi maso, ngakhale sanautche dzina. Galimoto imayenda pachidikha chokwera mamita oposa 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, kenaka chakufupi ndi Mvera msewu umayamba kukhotakhota n'kumatsika. Pofika ku Salima munthu amakhala ali pamamita pafupifupi 500 okha, ndipo madzi a nyanja ya Malawi ali pamamita pafupifupi 474. Nyanjayo payokha ndi yozama mamita pafupifupi 700 chakumpoto, kutanthauza kuti pansi pake pali mamita oposa 200 kunsi kwa mlingo wa nyanja yamchere. Dzenje lotere pakati pa mtunda silikumbidwa ndi mitsinje, poti mtsinje sungakumbe kupitirira mlingo wa kumene ukuthira. Linapangika chifukwa nthaka inamira.

Africa akung'ambika chakum'mawa, kuyambira ku Ethiopia, kudutsa ku Kenya, Uganda ndi Tanzania, mpaka ku Mozambique. Nyanja za Albert, Tanganyika, Rukwa ndi Malawi zili m'nthambi ya kumadzulo ya mng'ambo umenewu. Kuno kwathu, phale laling'ono limene akatswiri amalitcha Rovuma, lonyamula kumpoto kwa Mozambique ndi kumwera kwa Tanzania, likusuntha kupita kum'mawa, kusiyana ndi phale lalikulu la Africa yense. Mbali ziwiri zikamatalikirana chotere, miyala ya pakati imaduka m'ming'alu yopendekeka, chigamba cha mkati chimatsetserekera pansi, cha kunja chimatsala pamwamba ndipo chimatukuka pang'ono. Mapiri a Dowa ndi phiri la Ntchisi ali paphewa lotsala pamwambalo. Dera la Salima ndi Nkhotakota lili pachigamba chomira. Si mapiri ophulika moto; mapiri otero m'chigwa chino ali ku Rungwe, m'dziko la Tanzania, kumpoto kwa nyanja. Akasupe otentha a Mawira ku Nkhotakota ndi madzi a mvula amene amalowa pansi kwambiri, n'kutenthedwa ndi miyala, kenaka n'kupeza njira yokwerera kudzera m'ming'alu yomweyi.

Pali chinthu china chimene chimasiyanitsa zitunda za Dowa ndi Ntchisi ndi magomo a kumpoto. Chigwa cha nyanja ya Malawi sichimira mofanana mbali zonse. Chili m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi mng'alu waukulu mbali imodzi yokha, kotero chimapendekera kumeneko monga chitseko chogwa chomwe chatsala pahinjesi imodzi. Kumpoto kwenikweni mng'alu waukulu uli kutsidya la Tanzania, m'munsi mwa mapiri a Livingstone. Chapakati uli kutsidya lino, ku Usisya, kumene phiri limagwera m'madzi ngati khoma. Pofika moyang'anizana ndi Nkhotakota ndi Salima wabwereranso kutsidya, ku Metangula m'chigawo cha Niassa ku Mozambique. N'chifukwa chake mtunda wa Dowa ndi Ntchisi sutsika kamodzi ngati phompho, koma m'masitepe ambiri odulidwa ndi mitsinje ndi zigwembe. Mbali ino ili ndi ming'alu yochuluka yocheperapo m'malo mwa umodzi waukulu. Kucheperako n'kongoyerekeza ndi ya kutsidya: mng'alu wa makilomita 10 kapena 15 ndi wokwanira kubala chivomezi cha mphamvu ya 6.

Masamu a milimita imodzi

Chifukwa chimene madera ena amagwedezeka kawirikawiri chimaoneka bwino tikayerekeza liwiro. Zipangizo zoyezera malo pogwiritsa ntchito masetilaiti zikuonetsa kuti magombe awiri a nyanja ya Malawi akutalikirana ndi milimita imodzi kapena awiri pa chaka, ndipo kumwera liwiroli ndi lochepa kuposa kumpoto. Ku Japan, phale la pansi pa nyanja ya Pacific likulowa pansi pa zilumbazo ndi mamilimita pafupifupi 80 pa chaka.

Chivomezi cha mphamvu ya 7 chimafuna kuti mng'alu wotalika makilomita 40 kapena 50 utsetsereke mita imodzi kapena awiri. Mita imodzi ndi mamilimita 1,000. Pa liwiro la ku Japan, ngongole ya mita imodzi imakwana m'zaka 12 kapena 13. Pa liwiro la kuno, imafuna zaka 500 mpaka 1,000, ndipo apo n'kuganiza kuti kuyenda konseko kukusenzedwa ndi mng'alu umodzi. Zoona zake n'zakuti mtolowo umagawidwa pakati pa ming'alu ingapo yoyandikana, ina pamtunda, ina pansi pa nyanja. Choncho mng'alu umodzi wa m'Malawi ukhoza kukhala chete zaka zikwi zingapo usanaphulikenso. Mwana wa ku Tokyo amakula akudziwa chivomezi ngati mmene mwana wa ku Nsanje amadziwira madzi osefukira. Mwana wa ku Malomo akhoza kukalamba atangomva timagwedegwede tochepa togwetsa mbale pathandala.

Padziko lonse, kumene mapale akugundana mofulumira ndi kumene kuli zivomezi zambiri ndi zazikulu. Pafupifupi zivomezi 8 mwa 10 zilizonse zikuluzikulu zimachitika m'mphepete mozungulira nyanja ya Pacific, m'maiko monga Chile, Peru, Mexico, Japan, Philippines ndi Indonesia. Lamba wina amayambira kunyanja ya Mediterranean, kudutsa ku Turkey ndi Iran mpaka kumapiri a Himalaya, ndipo ndi mmene munachitika chivomezi cha pa 6 Febuluwale 2023 chimene chinapha anthu oposa 50,000 ku Turkey ndi Syria. Kumene phale limamira pansi pa linzake, malo ogwirana amakhala aakulu zedi, makilomita mazanamazana m'litali ndi m'lifupi, ndipo n'kokhako kumene kumabadwa zivomezi za mphamvu ya 9 monga cha ku Japan pa 11 Malichi 2011. Chigwa chong'ambika ngati chathu sichifika pamenepo.

Manambala a sikeloyi amanyenga. Kuchoka pa 6 kufika pa 7 si kuwonjezera pang'ono: mphamvu yotuluka imachuluka pafupifupi ka 32. Kuchoka pa 5 kufika pa 7 imachuluka ka 1,000. Komanso, pa chivomezi chimodzi cha 6 pamakhala pafupifupi 10 za mphamvu ya 5 ndi 100 za mphamvu ya 4. Apa m'pamene pamagwera maganizo ofala akuti timagwedegwede tating'ono n'tabwino chifukwa timapungula mphamvu kuti chachikulu chisabwere. Kuti mphamvu ya chivomezi chimodzi cha 6 ithe, pangafunike zivomezi 1,000 za mphamvu ya 4, pomwe chilengedwe chimapereka pafupifupi 100 zokha. Ngongole yaikulu imatsalabe.

Nanga bwanji mng'ambowu unadutsa pano osati kwina? Pakati pa Africa pali mitima ya miyala yakale kwambiri, yozizira ndi yochindikala, monga wa ku Tanzania ndi wa ku Zimbabwe. Pakati pa mitima imeneyi pali misoko, malo amene zidutswa za mtunda zinasokedwa pamodzi zaka mamiliyoni mazanamazana zapitazo. Nsalu ikakokedwa imang'ambika pamsoko, ndipo chigwachi nacho chimalambalala mitima yolimbayo n'kutsata misoko. Malawi ali pamisoko yotere. Chigwa cha Luangwa ku Zambia chilinso chimodzimodzi, ndipo nako kumamveka zivomezi. Chidikha cha pakati pa ziwirizi, cha Kasungu ndi Mchinji, n'chodekha poyerekeza, koma chimalandira kugwedezeka kochokera mbali zonse.

Salima 1989 ndi Karonga 2009

Zivomezi ziwiri zimene zawononga kwambiri m'Malawi m'zaka za posachedwapa zinali ndi mphamvu yosasiyana kwambiri, koma zinasiya zipsera zosiyana. Ku Karonga, kuyambira pa 6 Disembala 2009, nthaka inagwedezeka mobwerezabwereza kwa masabata angapo, ndipo chachikulu chinafika pa 6.0. Anthu 4 anafa, ena mazana anavulala, nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kuwonongeka. Gwero linali losaya, makilomita osafika 10, ndipo mng'alu unatulukira pamtunda n'kudula minda ndi misewu. Cha ku Salima chinali chozama makilomita pafupifupi 30.

Kusiyana kumeneku kungawerengeredwe ndi masamu a ku sekondale. Tiyerekeze anthu awiri, wina ali pamwamba penipeni pa gwero, wina ali makilomita 50 kuchokera pamenepo, mtunda wosasiyana kwambiri ndi wochoka kudera la Salima kukafika paboma la Dowa mowongoka. Gwero likakhala makilomita 6 pansi, woyamba ali makilomita 6 kuchokera pophulikira, wachiwiri ali makilomita 50 ndi pang'ono: wachiwiriyu watalikira ka 8. Gwero likakhala makilomita 30 pansi, woyamba ali makilomita 30, wachiwiri ali makilomita 58, amene sakufika ngakhale kawiri. Ndiye kuti chivomezi chosaya chimamenya mwankhanza kadera kochepa n'kufooka msanga, pomwe chozama sichipweteka kwambiri pamalo amodzi koma chimagawira ululu wake maboma angapo nthawi imodzi. Kwa anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, tanthauzo lake n'lakuti kukhala pamtunda, kutali ndi nyanja, sikuwachotsa m'bwalo la chivomezi chozama cha m'chigwa.

Mtunda womwewo umamvekanso m'thupi. Chivomezi chimatumiza mafunde a mitundu iwiri m'miyala. Oyamba, amene akatswiri amawalemba ndi chilembo P, amathamanga makilomita pafupifupi 6 pa sekondi ndipo amafika ngati kugunda kapena mkokomo wa lole yolemera. Achiwiri, a chilembo S, amayenda makilomita pafupifupi 3.5 pa sekondi, ndipo ndi amene amapukusa nyumba uku ndi uku. Pamtunda wa makilomita 58, oyamba amafika patatha masekondi 10, achiwiri patatha masekondi 17. Masekondi 7 a pakatiwo ndi amene okalamba amawakumbuka akamati kunayamba kulindima kenaka nyumba inayamba kuvina. Lamulo lachidule ndi kuchulukitsa masekondi a pakatiwo ka 8 kuti mupeze makilomita. Ndi mmenenso akatswiri a nthambi ya boma ya Geological Survey, imene likulu lake lili ku Zomba, amapezera gwero: makina ojambula kugwedezeka akakhala pamalo atatu kapena kuposerapo, aliyense amapereka mtunda wake, ndipo pomwe mizere yozungulira ikumanirana pamapu ndi pomwe chivomezi chayambira. Makinawo akachepa kapena akatalikirana, malo opezekawo amaphonya ndi makilomita ambiri, ndipo kuzama ndiko kumavuta koposa.

Kuzama kwa chivomezi cha 1989 kunadabwitsa akatswiri. M'madera ambiri a pamtunda, monga ku California ndi ku Greece, zivomezi zimathera pamakilomita pafupifupi 15, chifukwa kunsi kwake miyala imatentha mpaka imayamba kupindika m'malo mothyoka. James Jackson wa ku yunivesite ya Cambridge ndi Tom Blenkinsop, amene panthawiyo anali ku yunivesite ya Zimbabwe, anafufuza chivomezichi n'kuonetsa kuti pansi pa Malawi miyala ndi yozizira ndi yolimba mpaka makilomita 30 ndi kupitirira. Nkhaniyi si yosangalatsa. Mphamvu ya chivomezi imadalira kukula kwa malo otsetsereka, kutalika kuchulukitsa ndi kuzama. Chikhokho chothyoka chikachindikala kawiri, ming'alu imatha kuzama kawiri komanso kutalika kwambiri. Akatswiri awiri omwewa anafotokoza za mng'alu wa Bilila-Mtakataka m'maboma a Ntcheu ndi Dedza, wotalika makilomita pafupifupi 100, umene uli ndi chiphompho cha mamita pafupifupi 10 chooneka ndi maso, ndipo anati utati watsetsereka wonse nthawi imodzi ukhoza kubala chivomezi choyandikira mphamvu ya 8. Mapeto ake a kumpoto akuloza ku Salima.

Zivomezi zazikulu si zachilendo m'chigwa chino. Pa 13 Disembala 1910 kunachitika cha 7.4 kudera la nyanja ya Rukwa ku Tanzania, ndipo mu Febuluwale 2006 cha 7.0 chinagwedeza Machaze m'chigawo cha Manica ku Mozambique, n'kumveka m'maiko angapo oyandikana nawo. Kaundula wa ming'alu yamoyo ya m'Malawi amene akatswiri a kuno ndi a kunja anatulutsa mu 2022 ali ndi ming'alu yoposa 100. Zimene kaundulayu angathe kunena ndi malo a mng'alu, kutalika kwake ndi kukula kwa chivomezi chimene ungabale. Tsiku ndi chaka sanganene, ndipo palibe dziko lililonse, ngakhale Japan, limene linapeza njira yolosera zimenezo. Mauthenga amene amazungulira pamafoni otchula ola limene chivomezi chibwere alibe maziko.

Khoma ndilo limapha

Kusowa kwa zivomezi kuli ndi msampha wake. Kumene nthaka imagwedezeka chaka ndi chaka, nyumba zofooka zinagwa kalekale ndipo amisiri anaphunzira. Kumene imagwedezeka kamodzi pa mibadwo ingapo, palibe chimene chimayesa ntchito ya mmisiri. Pa 8 Sepitembala 2023, chivomezi cha 6.8 chinapha anthu pafupifupi 3,000 m'mapiri a Atlas ku Morocco, dera limenenso nthaka imayenda pang'onopang'ono, ndipo ambiri anafera m'nyumba za dothi ndi miyala za m'midzi ya m'mapiri. Chitsanzo chimenechi chikufanana ndi Dowa ndi Ntchisi kuposa cha Japan.

Khoma la njerwa limapirira bwino kulemera kochokera pamwamba, koma ndi lofooka likakankhidwa cham'mbali, ndipo chivomezi chimakankha cham'mbali. Nyumba yakale yozungulira ya mitengo yophomedwa ndi dothi, yofoleredwa ndi udzu, imagwedera n'kubwerera, ndipo ikagwa siyilemera. Nyumba ya mdindo, yofala m'midzi ya m'maboma awiriwa, kapena ya zidina, ili ndi makoma olemera amene amalekana m'makona. Yoopsa mosayembekezeka ndi nyumba yamakono ya wosauka: njerwa zootcha zomangidwa ndi matope m'malo mwa simenti, khoma lopyapyala la njerwa imodzi yogoneka m'litali, zipinda zazikulu, mawindo otakata oyandikira kona, ndi gebulo wamtali wosamangirizidwa ku denga. Gebuloyo ndi amene amayamba kugwa, ndipo kawirikawiri amagwera pomwe pali mphasa kapena bedi. Matchalitchi ndi makalasi omangidwa ndi anthu a m'mudzi ali ndi vuto lomweli mokulirapo, chifukwa makoma awo ndi aatali ndipo alibe zipupa za mkati zowachirikiza. Ku Dzaleka, msasa umene unakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 koma muli oposa 50,000, tinjira ta pakati pa nyumba n'topanikiza moti khoma logwera kunja limagwera pakhomo la mnansi.

Chivomezi cha Karonga chitachitika, boma linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yoti makoma anayi ndi denga zigwirane ngati bokosi limodzi. Chimene chimachita zimenezi ndi lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo, wozungulira nyumba yonse pamwamba pa zitseko ndi mawindo osadukiza, amene amisiri amati ring'ibimu. Kuika kalintala pamwamba pa windo lililonse palokha si chinthu chimodzi ndi lambayu, ngakhale eninyumba ambiri amalipira choyambacho n'kumaganiza kuti apeza chachiwiri. Zina ndi kulukanitsa njerwa m'makona, kuyala waya wa bulikifosi pakatha mizere ingapo ya njerwa, kunyika njerwa m'madzi musanaziyale kuti zisamwe madzi a simenti, kuchepetsa gebulo kapena kumupanga wa matabwa ndi malata, ndi kumangirira phaso ku lamba uja. Malangizowa alipo papepala, koma nyumba zambiri za kumudzi ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu zimamangidwa popanda pulani yovomerezedwa ndi khonsolo, ndipo amene amagamula za kuchindikala kwa khoma ndi mtengo wa thumba la simenti.

Malo omangapo nawo ali ndi mbali yake. Thanthwe limagwedezeka mwachidule, pomwe dothi lofewa ndi lakuya limakulitsa kugwedezeka n'kukutalikitsa. Apa anthu a m'mapiri ali ndi mwayi kuposa a kugombe, kumene mchenga wokhuta madzi ukhoza kusungunuka ngati phala, monga zinaonekera m'malo ena ku Karonga. Koma nyumba yomangidwa m'mphepete mwa dambo ku Dowa ili padothi lofewa lomwelo, ndipo yomangidwa pamalo otsetsereka, theka pathanthwe losemedwa, theka padothi lothiridwa, imang'ambika pakati chifukwa mbali ziwirizo sizigwedezeka mofanana. M'miyezi ya mvula, monga Malichi amene chivomezi cha 1989 chinabwera, makoma a dothi amakhala atafewa m'munsi ndipo zitunda zopanda mitengo zimakhala zokonzeka kugumuka.

Nthaka ikaleka kugwedezeka, ming'alu ya pakhoma imanena zambiri kwa woidziwa kuwerenga. Timing'alu topyapyala ta pulasitala yekha si toopsa. Ming'alu yopendekeka yochokera m'makona a mawindo ndi zitseko, makamaka ikapingasana, imasonyeza kuti khoma lakankhidwa uku ndi uku ndipo lataya mphamvu. Mng'alu woima pakona ya nyumba, wotakata kumwamba, umatanthauza kuti makoma awiri alekana ndipo lililonse laima palokha. Mng'alu wogona m'munsi mwa gebulo ndi chizindikiro choti gebuloyo watsala pang'ono kupendama. M'nyumba ya zizindikiro zitatu zomalizazi simuyenera kugonedwa mpaka itakonzedwa, chifukwa chivomezi sichibwera chokha. Zotsatira zake zimapitirira masiku kapena miyezi, ndipo nthawi zina chobwera pambuyo chimaposa choyamba. Ku Karonga, champhamvu kwambiri chinafika patatha pafupifupi masabata awiri chichitikireni choyamba, n'kupeza makoma ambiri atang'aluka kale, ndipo anthu 3 mwa 4 amene anafa m'mwezi umenewo anafa usiku womwewo.